Tikiti ya ndege yotchipa imadziwika mukawonkhetsa mtengo wa katundu

Amalawi ambiri amene akukonzekera ulendo wa pandege sayambanso ndi kupita ku ofesi yogulitsa matikiti. Wachibale wa ku Joni kapena wogulitsa matikiti amajambula mitengo imene ikuoneka pa foni yake n'kutumiza zithunzizo pa WhatsApp, ndipo wapaulendo amasankha poyang'ana nambala yaing'ono pa zonse. Vuto ndi lakuti nambala yolembedwa m'zilembo zikuluzikulu ija kawirikawiri ndi mtengo wa mpando wokha. Ndalama zimene munthu adzalipiredi zimadalira katundu amene wanyamula, ndipo tikiti yooneka yotchipa pa chithunzi ikhoza kusanduka yodula pa zonse munthu ataika zikwama pa sikelo ya pabwalo la ndege.

Kuwerenga chithunzi

Asanayerekeze mitengo, wapaulendo ayenera kutsimikiza kuti zithunzi zonse zikukamba za ulendo umodzimodzi. Masiku onyamuka ndi obwerera afanane, chifukwa mtengo wa ndege yomweyo umasintha malinga ndi tsiku. Mabwalo a ndege afananenso: `LLW` ndi bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, `BLZ` ndi la ku Chileka ku Blantyre, `JNB` ndi la OR Tambo ku Johannesburg, pomwe `CPT` ndi la ku Cape Town.

Palinso timawu tating'ono timene timasintha tanthauzo la nambala yonse. Mawu akuti `One way` akutanthauza ulendo wopita wokha, pomwe `Return` kapena `Round trip` ndi wopita ndi kubwera. Pamene palembedwa `from` kutsogolo kwa mtengo, ndiye kuti umenewo ndi mtengo woyambira, wa mipando yochepa yotchipitsitsa imene mwina yatha kale. Chithunzi chodalirika ndi cha tsamba lomaliza, pamene pali mawu akuti `Total`, chifukwa pamenepo misonkho ndi ndalama za mabwalo a ndege zimakhala zitaphatikizidwa. Mtundu wa ndalama nawo ndi wofunika: chithunzi china chimabwera m'madola, china m'marandi, china m'makwacha, ndipo zonse ziyenera kusinthidwa kukhala ndalama imodzi.

Njira ziwiri zowerengera katundu

Makampani a ndege amawerengera katundu wolowa kunsi kwa ndege m'njira ziwiri. Ena amawerenga zikwama, ndipo pa tikiti amalemba `1PC` kapena `2PC`, kutanthauza chikwama chimodzi kapena ziwiri. M'mipando wamba, chikwama chilichonse nthawi zambiri chimaloledwa kulemera makilogalamu 23, ndipo kulemera kwa chikwama china sikulipirira chinzake. Munthu amene wanyamula chikwama cha makilogalamu 28 ndi china cha makilogalamu 15 adzauzidwa kuti alipire kapena alongedzenso, ngakhale kuti zonse pamodzi sizinafike makilogalamu 46.

Makampani ena amawerenga kulemera konse, ndipo amalemba `20K` kapena `30K`. Apa chachikulu si kuchuluka kwa zikwama ayi, koma zimene sikelo yanena zonse zikaikidwa pamodzi, ndipo kilogalamu iliyonse yopyola ili ndi mtengo wake. M'njira zonse ziwirizi, makampani ambiri salandira chikwama chimodzi cholemera kuposa makilogalamu 32.

Pamene palembedwa `0PC` kapena `Hand baggage only`, tikitiyo ilibe katundu wa kunsi kwa ndege ngakhale mmodzi. Umu ndi mmene makampani a ndege zotchipa amagulitsira mipando yawo yoyambira. Ku South Africa, mwachitsanzo, tikiti ya `Lite` ya FlySafair imalola kachikwama kam'manja ka makilogalamu 7 kokha, pomwe ya `Standard` imaphatikizapo chikwama cha makilogalamu 20. Ngati chithunzi chadulidwa mwakuti mzere wa katundu sukuoneka, sichingagwiritsidwe ntchito poyerekeza mitengo, ndipo wotumizayo apemphedwe kujambulanso.

Chitsanzo: Lilongwe mpaka Cape Town

Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekeza pofuna kuonetsa masamu ake, ndipo dola imodzi yawerengedwa ngati marandi 18. Mayi wina wamalonda akuchokera ku Lilongwe kupita ku Cape Town kudzera ku Johannesburg. Popita ali ndi chikwama chimodzi cha makilogalamu 20, koma pobwerera adzakhala ndi ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse. Walandira zithunzi za njira zitatu.

Njira yoyamba ndi tikiti imodzi yopita ndi kubwera, ya madola 620, yolembedwa `2PC`. Yachiwiri nayo ndi tikiti imodzi yopita ndi kubwera, ya madola 560, yolembedwa `30K`, ndipo kilogalamu iliyonse yopyola ndi madola 8. Yachitatu ndi matikiti awiri a makampani osiyana: ya Lilongwe mpaka Johannesburg, yopita ndi kubwera, ya madola 430 yokhala ndi `2PC`, ndi ya ndege yotchipa ya Johannesburg mpaka Cape Town ya marandi 990, yopanda katundu. Kampani yotchipayi imalipiritsa marandi 270 pa chikwama cha makilogalamu 20, ndi marandi 90 pa kilogalamu yopyola.

Mongoyang'ana, njira yachitatu ikuoneka yotchipa kwambiri, chifukwa marandi 990 ndi madola 55, ndipo kuphatikiza ndi 430 zikukwana madola 485. Koma pansi pa marandi 990 pali mawu akuti `One way`. Kupita ndi kubwera ndi marandi 1,980, omwe ndi madola 110, choncho mipando yokha yafika kale madola 540.

Tsopano katundu alowe m'masamu, ulendo wopita paokha, wobwerera paokha. Pa njira yoyamba palibe choonjezera, popeza zikwama ziwiri za makilogalamu 23 zili kale mu tikiti, ndipo mtengo ukhalabe madola 620. Pa njira yachiwiri, popita palibe cholipira chifukwa makilogalamu 20 sanafike 30. Pobwerera mayiyu ali ndi makilogalamu 46, kupyola ndi 16, ndipo 16 kuchulukitsa ndi madola 8 ndi madola 128. Tikiti ya madola 560 ija yafika madola 688.

Pa njira yachitatu, chikwama chimodzi popita ndi marandi 270, ndipo ziwiri pobwerera ndi marandi 540. Komatu zikwama zimenezi zikuloledwa makilogalamu 20 okha, pomwe za mayiyu ndi za makilogalamu 23. Makilogalamu 6 opyolawo ndi marandi 540 ena. Katundu yense wadya marandi 1,350, omwe ndi madola 75, ndipo njira yonseyo yafika madola 615.

Ndandanda watembenuka. Njira imene inkaoneka ya madola 485 ndi ya madola 615, imene inali pakati yasanduka yodula kuposa zonse, ndipo imene inkaoneka yodula ikungosiyana ndi yotchipitsitsa ndi madola 5 okha.

Yankho limasintha ndi katundu

Izi sizikutanthauza kuti tikiti ya `30K` ndi yoipa. Wophunzira amene akupita ndi kubwera ndi chikwama chimodzi cha makilogalamu 20 alipira madola 620 pa njira yoyamba, 560 pa yachiwiri, ndi 570 pa yachitatu, ataphatikizapo marandi 540 a chikwama chake popita ndi pobwera. Kwa iye, njira yachiwiri ndiyo yotchipa. Zithunzi ndi zomwezo, koma yankho la wophunzira si yankho la wamalonda. N'chifukwa chake ntchito yoyerekeza mitengo imayambira pa sikelo ya kunyumba.

Kwa amene sakudziwa bwino kuchuluka kwa katundu amene adzagule, pali masamu apafupi opezera malire. Njira yoyamba ndi yachiwiri zikusiyana ndi madola 60. Kugawa 60 ndi madola 8 a kilogalamu imodzi kukupereka makilogalamu 7 ndi theka. Choncho amene adzabwerere ndi katundu wosafika makilogalamu 37 ndi theka apindula ndi tikiti ya `30K`, ndipo amene adzapyole pamenepo apindula ndi ya `2PC`.

Mtengo wa katundu woonjezera nawo uli pawiri. Makampani ambiri amalipiritsa ndalama zochepa kwa amene wagula chikwama choonjezera pa intaneti asananyamuke, ndi zambiri kwa amene wakalipira pabwalo. Chithunzi cha mitengo ya katundu chiyenera kuonetsa kuti nambala yolembedwayo ndi iti mwa iwiriyi.

Zimene chithunzi sichionetsa

Madola 5 amene mayi uja angapulumutse pa matikiti awiri ali ndi chiopsezo chimene sichilembedwa pa ndandanda wa mitengo. Ulendo wonse ukakhala pa tikiti imodzi, ndege yochokera ku Lilongwe ikachedwa mpaka munthu kuphonya ya ku Cape Town, kampani imamuika pa ndege yotsatira popanda kugula tikiti ina. Pa matikiti awiri osiyana, kampani yachiwiri imangoona kuti munthuyo sanabwere, ndipo tikiti yotchipa nthawi zambiri sibwezedwa ndalama. Pobwerera, wa matikiti awiri amayenera kutenga katundu wake ku Johannesburg n'kukamupimitsanso pa sikelo ya kampani inayo, ntchito imene imafuna maola angapo pakati pa ndege ziwirizo. Ngati nthawi zake sizikugwirizana mwakuti munthu agone ku Johannesburg, ndalama za malo ogona ndi chakudya zilowenso m'masamu. Pa chitsanzo ichi, tikiti ya madola 620 ndiyo yoyenera mayiyo.

Mawu akuti `Operated by` nawo asanyalanyazidwe. Amasonyeza kuti kampani yogulitsa tikiti si imene idzaulutse ndegeyo, ndipo zikatero malamulo a katundu amene adzatsatidwe sangadziwike pongoyang'ana dzina la kampani. Chotsatira ndi chimene chalembedwa pa mzere wa `Baggage` wa gawo lililonse la ulendo.

Chomaliza n'chakuti chithunzi chimakalamba msanga. Mipando ya mtengo wotsika ikatha, kompyuta ya kampani imayamba kugulitsa ya mtengo wotsatira, ndipo izi zikhoza kuchitika tsiku lomwelo. Zithunzi zoyerekezedwa zikhale zojambulidwa tsiku limodzi, ndipo asanatumize ndalama, wapaulendo apemphe kuti mtengo wonse ndi katundu wololedwa zitsimikizidwenso. Tikiti yeniyeni ikatuluka, nthawi zambiri imakhala ndi nambala ya manambala 13, dzina lofanana ndi la m'pasipoti, ndi mzere wa katundu pa gawo lililonse. Ngati pa chithunzi panali `2PC` koma pa tikiti pali `1PC`, nkhaniyo ikonzedwe ndi wogulitsa tsiku lomwelo, chifukwa pabwalo la ndege ogwira ntchito amatsata zimene zili pa tikiti.