N'chifukwa chiyani m'tauni simuzizira usiku ngati kumudzi?

Amayi anzanga, ambiri mwa inu munalandirapo mlendo wochokera kumudzi m'mwezi wa Okutobala. M'mawa mukamufunsa kuti wagona bwanji, amayankha kuti, "Tulo sindinatione, kwanu kuno kukutentha ngati mu uvuni." Inunso mukapita kumudzi mwezi womwewo, mumadabwa kuti pakati pa usiku mukufunafuna chitenje chofunda. Dzuwa lake ndi lomwelo, koma usiku wake ndi wosiyana. Si maganizo chabe. Akatswiri a zanyengo amati tauni imakhala ngati chilumba cha kutentha, chozunguliridwa ndi midzi yozizirirapo.

Nkhaniyi si ya lero. Cha m'ma 1820, munthu wina wa ku Mangalande, Luke Howard, atayeza nyengo kwa zaka zingapo, anapeza kuti usiku mumzinda wa London munkatentha ndi madigiri pafupifupi 2 kuposa m'midzi yozungulira. Masiku ano zimadziwika kuti mzinda wa anthu 1 miliyoni umatentherapo ndi digiri imodzi mpaka madigiri atatu pa chaka chonse, ndipo usiku wina wopanda mphepo ndi mitambo kusiyanako kumakula kwambiri kuposa pamenepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre, choncho mizinda yathu yafika pa msinkhu umenewu.

Tauni imasunga dzuwa

Ganizirani mafuwa. Moto ukazima, phulusa la pamwamba limazizira msanga, koma mafuwa amakhalabe otentha mpaka ana atagona. Mwala umachedwa kutentha, umachedwanso kuzizira. Njerwa zowotcha, simenti, konkireti ndi phula la mumsewu zili chimodzimodzi. Tsiku lonse zimamwa kutentha kwa dzuwa, ndipo dzuwa likalowa zimayamba kukubweza pang'onopang'ono. Tauni ndi mulu waukulu wa mafuwa otere.

Kumudzi zinthu zambiri zimene dzuwa limawomba ndi udzu, masamba, mapesi ndi dothi lofukutuka la m'munda. Zimenezi sizisunga kutentha kochuluka. Zimatentha pamwamba pokha, ndipo kukangoda zimazizira. N'chifukwa chake kusiyana kwa tauni ndi mudzi sikuoneka kwenikweni masana, pamene paliponse pakuotcha. Kumaoneka pakapita maola atatu kapena asanu dzuwa litalowa, mudzi utazizira kale koma tauni ikadali kutulutsa zimene inasunga.

Mitengo imachita thukuta

Thupi lathu limadziziziritsa ndi thukuta. Thukuta likamauma, limachoka ndi kutentha kwa pakhungu. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi mwa njira yomweyo: madzi amene amatulukira kunja kwa mtsuko akamauma, am'kati amazizira. Kutentha kumene kumachoka motero n'kochuluka zedi. Kuti lita imodzi ya madzi iume yonse, pamafunika kutentha koposa kasanu ndi kawiri kumene kumafunika kuti lita yomweyo ingofika powira.

Mitengo, udzu, madimba ndi madambo zimatulutsa madzi m'masamba ndi m'dothi tsiku lonse. Motero gawo lalikulu la mphamvu ya dzuwa limathera pa kuumitsa madziwo m'malo motenthetsa malo. M'tauni tinadula mitengo, pabwalo tinaika simenti, ndipo mvula ikagwa madzi amathamangira m'ngalande osalowa pansi. Malo otere ali ngati munthu amene sachita thukuta: kutentha konse kumatsalira m'thupi.

Kutentha kumasowa potulukira

Usiku nthaka imazizira potumiza kutentha kwake kumwamba. Pamtetete, pamene thambo lonse likuoneka, kutentha kumachoka mosavuta, ndiye chifukwa chake mame amagwa kwambiri pabwalo kusiyana ndi pansi pa mtengo. Tsono taimani m'kanjira ka pakati pa nyumba ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Mtandire, muyang'ane kumwamba. Thambo limangooneka kachigawo kochepa. Khoma likatulutsa kutentha, kumakagwera pa khoma la nyumba yoyandikana nayo, nalonso n'kubweza. Makoma amangopatsirana. Mipanda ya njerwa ndi nyumba zothithikana zimatchinganso kamphepo kamene kakanachotsa mpweya wotentha.

Pamwamba pa izi pali kutentha kumene timapanga tokha: mbaula, magalimoto, zigayo, mafiriji, ndi matupi athu omwe. Munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa kutentha kofanana ndi babu lakale lija la mawati 100. Anthu asanu m'chipinda chimodzi chotseka ali ngati mababu angapo oyaka usiku wonse.

Tsiku limodzi m'nyumba ziwiri

Tiyerekeze amayi awiri apachibale. Wamkulu amachita lendi ku Ndirande, nyumba ya zipinda ziwiri, ya njerwa zowotcha, yamalata, yopanda siling'i. Chipinda chogona chili kumadzulo ndipo chili ndi windo limodzi loyang'ana mpanda. Mng'ono wake ali kumudzi ku Chiradzulu, m'nyumba ya zidina yofolera ndi udzu, kuseri kwake kuli mtengo wa mango.

Pofika masana, malata a ku Ndirande amakhala atatentha moti simungawagwire; malata akale, akuda ndi dzimbiri, amatha kupitirira madigiri 60. Apa ambiri timalakwitsa poganiza kuti malatawo ndiwo amatiwotcha usiku. Malata ndi opyapyala, amazizira dzuwa likangolowa. Mlandu wawo ndi wa masana: amawotcha makoma, simenti ya pansi, matiresi ndi katundu yense wam'nyumba, ndipo zimenezi ndizo zimasunga kutenthako. Ku Chiradzulu udzu wa padenga umatchinga, kutentha kolowa m'nyumba n'kochepa.

Kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo, dzuwa limawomba khoma la kumadzulo la ku Ndirande popanda chotchinga. Kutentha kumayenda pang'onopang'ono m'njerwa, ndipo kumatenga maola angapo kuti kufike mbali yam'kati. Ndiye kuti dzuwa la 3 koloko limalowa kuchipinda cha m'ma 7 kapena 8 koloko usiku, nthawi yogoneka ana. Ku Chiradzulu khoma ngati lomwelo linali pamthunzi wa mango.

Cha m'ma 6 koloko mayi wa ku Ndirande amalowetsa mbaula m'nyumba kuti aphike nsima, kenako amatseka chitseko ndi windo poopa udzudzu ndi akuba. Pofika 10 koloko kunja kwayamba kupepuka, koma m'nyumba makoma akutulutsa kutentha, mpweya sukuyenda, anthu asanu akupuma. Mwana akulira, bambo akuti neti ikuwonjezera kutentha, n'kuikweza. Nyumbayi imazizira cha kum'bandakucha, nthawi yodzuka itakwana.

Mungathe kudziyesera nokha. Cha m'ma 8 koloko usiku gwirani khoma la kumadzulo, kenako la kum'mawa. Pondani pasimenti ya pakhonde opanda nsapato, kenako pa udzu. Dzanja ndi phazi zidzakuuzani kumene kutentha kwabisala.

Si nthawi zonse, si paliponse

Kusiyanaku kumakula usiku wopanda mitambo ndi mphepo, monga mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala mvula isanayambe. Kukakhala mphepo yamphamvu, mitambo kapena mvula, tauni ndi mudzi zimatsala pang'ono kufanana. Komanso tiziyerekeza tauni ndi midzi yoyandikana nayo. Mudzi wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa umatentha kuposa mzinda wa Blantyre chifukwa uli kuchigwa, pamene Blantyre ali pamtunda. Ngakhale mumzinda umodzi, dera la mitengo yambiri ndi mabwalo aakulu limazizira msanga kuposa dera lothithikana. Ndipo nyumba yamalata yopanda siling'i ndi mthunzi imatentha ngakhale ili kumudzi.

Chifukwa chake tikudandaula ndi usiku

Thupi limapirira kutentha kwa masana ngati usiku lapeza mpata wozizira. Kukatentha, mtima umagwira ntchito yaikulu yotumiza magazi kukhungu kuti kutentha kutuluke. Usiku ukakhala wotentha masiku angapo otsatizana, mtima supuma ndipo madzi amachepa m'thupi. Amene amavutika msanga ndi amayi oyembekezera, makanda, okalamba, ndi odwala mtima, shuga, impso kapena kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana waonetsa kuti nyengo yotentha kwambiri imawonjezera chiopsezo choti mwana abadwe masiku asanakwane.

Chizindikiro chosavuta kuona ndi mkodzo. Ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Mutu, chizungulire ndi kufooka zimatsatira. Kwa khanda, onani ngati matewera akunyowa kochepa kuposa masiku onse, ngati pakamwa pauma, kapena liwombo lalowa. Khanda losakwana miyezi 6 musalipatse madzi. Liyamwitseni pafupipafupi, inuyo ndiye mumwe madzi ambiri. Musalikulunge m'mabulangeti awiri ndi chipewa chaubweya m'chipinda chimene inu mukuchita thukuta. Munthu akayamba kubwebweta, kukomoka, kapena thupi litatentha kwambiri, muikeni pamthunzi, mumunyowetse ndi madzi, ndipo mupite naye kuchipatala msanga. Musangoti ndi dzuwa, chifukwa malungo amayambanso motero.

Zimene mayi wa ku Ndirande angasinthe

Msewu ndi nyumba za anzake sangazisunthe, koma angachepetse kutentha kumene nyumba yake imamwa masana, ndi kukutsegulira njira usiku. Choyamba ndi khoma la kumadzulo. Mphasa yopachikidwa kunja, motalikirako pang'ono ndi khoma kuti mpweya uzidutsa, imatchinga dzuwa la madzulo lero lomwe. Katani wam'kati sathandiza mofanana, chifukwa kutentha kumakhala kutalowa kale. Akagwirizana ndi eni nyumba, angapake khomalo laimu, poti choyera chimabweza dzuwa, ndiponso angaike siling'i ya mphasa kapena bango pansi pa malata, kutali ndi moto ndi mawaya a magetsi. Ngati pali malo, mpapaya umakula msanga, ndipo mtengo waukulu aubzale motalikira maziko.

Chachiwiri ndi madzulo. Aphikire panja, mbaula m'nyumba yotseka, kuwonjezera pa kutentha, imatulutsa mpweya wakupha umene sununkha. Kunja kukayamba kuzizira kuposa m'nyumba, atsegule chitseko ndi windo nthawi imodzi kuti mpweya ulowere uku n'kutulukira uko, mpaka nthawi yogona. Windo la zitsulo ndi sefa likhoza kukhala lotsegula usiku wonse. Bedi alichotse kukhoma lotentha lija, ndipo mayi woyembekezera kapena agogo agone kuchipinda cha kum'mawa. Neti isachotsedwe: chepetsani zofunda, sambani musanagone, koma gonani m'neti, ngakhale mutagona pakhonde.

Ndipo nkhani yodula mtengo wa pabwalo, wa kusukulu kapena wa pamsika kuti paikidwe simenti ikadzabwera pamsonkhano wa m'dera lanu, mudzafunse kuti dzuwa limene mtengowo unkatchinga lidzagona m'nyumba ya yani.