Kuwoloka nyanja ndi ana: zoyenera kuona musanakwere boti ku Nkhata Bay

Mukaima pamchenga wa ku Chikale m'mawa, nyanja imatha kuoneka yabata ngati madzi a m'beseni. Komatu bata la kugombe siliuza munthu momwe zinthu zilili pakati pa nyanja, kumene kumadutsa maboti opita ku Usisya, Chizumulu ndi Likoma.

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Sepitembala kumaomba mphepo ya mwera kuchokera kummwera. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita opitirira 500, ndipo mphepoyi imakankha madzi mtunda wonsewo, choncho mafunde amafika kumpoto atakula. Sitima ya Vipya inamira m'nyengo yomweyi, mu Julaye 1946, kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu oposa 100 anafa. Nthambi yoona zanyengo ikachenjeza za mwera pawailesi, sinthani tsiku la ulendo.

Sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, imaima pa Nkhata Bay kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera. Nthawi zina imachedwa ndi maola angapo, choncho funsani ku jeti tsiku lomwelo, ndipo tengani madzi akumwa ndi mankhwala a mwana okwanira. Gulani tikiti kwa ogwira ntchito ovomerezeka, nenani chiwerengero cha ana, ndipo isungeni mpaka mutatsika.

Sitima ikachedwa, ena amathamangira boti la matabwa. Apa mpofunika maso. Onani mpata wapakati pa madzi ndi mlomo wa boti anthu ndi matumba atakwera kale. Ngati mungakhudze madzi osawerama, botilo ladzaza ndipo funde limodzi likhoza kulowa. Onaninso ngati muli chokapira madzi, nkhafi zothandiza injini ikazima, ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense.

Jekete la munthu wamkulu silipulumutsa mwana, chifukwa akagwera m'madzi amapulumukira kunsi. Mayi amene akupita ku Likoma ndi mwana wa zaka zinayi amveke jekete la msinkhu wake adakali kumtunda, amange malamba onse, kenako alikoke m'mwamba pamapewa. Likakwera mpaka m'makutu, ndiye kuti ndi lalikulu. Khanda lichoke kumbuyo likhale pachifuwa, chifukwa jekete limayandamitsa mayi chagada ndipo mwana woberekedwa amatsalira pansi pa madzi. Izi zichitikenso potsika Ilala kumalo opanda jeti monga ku Usisya, kumene anthu amafika kumtunda pa timaboti.

Munthu womira nthawi zambiri sakuwa. Wina akagwa, musadumphire m'madzi. Mponyereni chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Akavuulidwa asakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kupsinya pachifuwa. Ngakhale atatsitsimuka, apite naye kuchipatala cha Nkhata Bay tsiku lomwelo, poti madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa befu patapita maola.