Mkamwa Mukanunkhabe Ngakhale Mukutsuka

Nthawi zambiri fungo limachokera mkamwa momwemo, choncho woyamba kumuona ndi dokotala wa mano. Iye amayang'ana nkhama, mano obowoka ndi zoyera zokanirira kumbuyo kwa lilime.

Akapeza zonse zili bwino, mpamene amaunika mphuno ndi kukhosi. Chimfine chosatha chimatsitsira mamina kukhosi, ndipo timibulu toyera tonunkha timabisala m'matonsilo. Mwana wotuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha ya mphuno kawirikawiri amakhala atalowetsamo kanthu, monga njere ya nyemba.

Ambiri amathamangira kunamizira m'mimba, koma mpomalizira, pokhapokha ngati pali kutentha pamtima. Mpweya wonunkhira ngati zipatso kwa wodwala shuga ndi ngozi: apite kuchipatala msangamsanga.