Kuwala kofika mochedwa m'chingwe cha galasi

Ulusi wa galasi wa m'chingwe cha faiba ndi wopyapyala kwambiri, moti mutandanditsa asanu ndi atatu mbali ndi mbali angokwana milimita imodzi. Komabe uli ndi zigawo ziwiri. Pakati pali mtima, momwe kuwala kumadutsa, ndipo kunja kwake kuli chikuto cha galasi la mtundu wina. Magalasi awiriwa amachedwetsa kuwala mosiyana, ndipo nambala yoyezera kachedwetsedweka imatchedwa indekisi. Mu faiba ya sitepe, indekisi ndi imodzimodzi mumtima monse, kenako imatsika mwadzidzidzi m'malire ndi chikuto.

Titenge faiba yomwe mtima wake uli ndi indekisi 1.48 (n1), chikuto 1.46 (n2). Kusiyanako n'kochepa, koma n'komwe kumatsekera kuwala m'kati. Kuwala kukagunda malire mopendekera kwambiri, pa madigiri oposa 80.6 kuchokera pa mzere woima chilili pamalirepo, kumabwerera konse mumtima. Kukagunda mwachindunji kuposa apo, kumathawira m'chikuto n'kutayika.

Choncho si kuwala konse kowalitsidwa pakamwa pa faiba komwe kumafika kutsidya. Akatswiri amayeza kukula kwa khomolo ndi nambala yomwe amailemba NA:

```
NA = √(n1² − n2²)
   = √(2.1904 − 2.1316) = 0.242
θa = sin⁻¹(0.242) ≈ 14°
```

Tanthauzo lake n'lakuti kuwala kochokera mumpweya kuyenera kulowa kusanapatuke madigiri oposa 14 kuchoka pa mzere wapakati wa ulusiwo. Ophunzira ambiri amapunthwa pamenepa. Madigiri 14 ndi a mbali imodzi yokha, khomo lonse ndi 28. Komanso masamuwa ndi a faiba yomwe pakamwa pake pali mpweya. Mukaiviika m'madzi, ngodyayo imatsika kufika pa madigiri pafupifupi 10.5.

Munthu angaganize kuti khomo lalikulu ndiye labwino, poti limalandira kuwala kochuluka ngakhale kwa nyali yotchipa. Vuto lili pa ulendo. Kuwala kolowa molunjika kumayenda njira yaifupi. Kolowera m'mphepete mwa khomo kumayenda mokhotakhota ngati wakabaza wokwera chitunda ndi katundu, kugunda uku, kugunda uko. Njira yake ndi yaitali mwa mlingo wa n1/n2, kotero pa kilomita imodzi kumayenda mamita pafupifupi 1,014. Mamita 14 owonjezerawo ndiwo amabala mavuto.

```
Δt = (L × n1 / c) × (n1/n2 − 1)
   = 4.93 μs × 0.0137 ≈ 68 ns
```

Apa L ndi mamita 1,000, ndipo c ndi liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Kuwala konyamukira limodzi kumafika mosiyana ndi mananosekondi 68, pomwe nanosekondi ndi gawo limodzi mwa biliyoni la sekondi.

Zikuoneka zazing'ono, koma uthenga umayenda mwa kuthwanima: kuyaka ndi 1, kuzima ndi 0. Kuthwanima kulikonse kukafika kotambasuka, mchira wake umagwera pa kotsatira, ndipo makina olandira amalephera kusiyanitsa 1 ndi 0. Mwa kuwerenga kwachidule komwe mainjiniya amagwiritsa ntchito, 1/(2Δt), faiba imeneyi inganyamule mabiti pafupifupi mamiliyoni 7 pa sekondi pa kilomita imodzi. Pa makilomita 10 kuchedwako kumafika mananosekondi 680, liwiro n'kutsika kakhumi. Chosokoneza amisiri n'chakuti chipangizo choyezera mphamvu ya kuwala chingaonetse kuti zonse zili bwino, chonsecho uthenga ukufika wolakwika. Chizindikiro chake n'chakuti mukachepetsa liwiro lotumizira kapena kufupikitsa chingwe, zolakwikazo zimatha.

Nanga chikuto chitakhala 1.47? Kuchedwa kumatsika ndi theka, kufika mananosekondi 34, pomwe NA ikungotsika kufika 0.172 ndipo khomo likhala madigiri pafupifupi 10 mbali imodzi. Msinthano umenewu ndi wabwino, popeza khomo silichepa mofanana ndi kuchedwako, koma sungafikitse uthenga kutali.

Njira yothetseratu vutoli ndi kuchepetsa mtima. Faiba za njira zambiri zimakhala ndi mtima wa mamaikulomita 50 kapena 62.5. Ukachepa kufika pafupifupi 9, kuwala kwa leza komwe makampani a lamya amagwiritsa ntchito kumangotsala ndi njira imodzi, ndiye palibe kotsogola kapena kotsalira. Zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2009 ndipo imatulukira ku Maputo ndi ku Dar es Salaam, ndi za mtundu umenewu. Mtengo wake umaonekera polumikiza: mmisiri ayenera kudula galasi mosalala, kulipukuta, n'kulunjikitsa mitima iwiriyo ndi makina owotcherera, chifukwa kuphonya ndi mamaikulomita awiri okha kumataya gawo looneka la kuwalako. Faiba ya sitepe ya mtima waukulu idatsalira pa maulendo aafupi, monga chingwe chapulasitiki cholumikiza wailesi yakanema ndi masipika.