Nati Yomangidwa Lero Ikhoza Kukhwefuka Mawa

Tayala likaphulika panjira, ambiri timaika lapadera, kenako n'kukwera pasipanala ndi phazi mpaka nati italira. Tikatero timati tamanga zenizeni. Koma matayala ambiri amene amaguluka galimoto ikuyenda amakhala oti achotsedwapo n'kubwezeretsedwa posachedwa.

Chimene chimagwira tayala ndi kukokana. Nati ikamangidwa, bawuti imatamuka pang'ono ngati sipuling'i, ndipo kukoka kwakeko n'kumene kumapanikiza limu kuchitsulo chimene limakhalapo. Tsono pakati pa zitsulo ziwirizi pakatsala mchenga, dzimbiri kapena penti, limu silikhala bwino. Galimoto ikayenda, ikagunda maenje, mabuleki n'kutenthetsa zitsulo, zinyalala zija zimaperesedwa n'kusiya kampata. Kampata kochepa ngati tsitsi n'kokwanira kufooketsa kukoka kuja, ndipo nati imayamba kubwerera yokha. N'chifukwa chake musanaike tayala muyenera kupala malo onsewo ndi bulashi yawaya.

Kamangidwe kalinso ndi ndondomeko yake. Mukamanga manati motsatizana mozungulira, limu limapendekeka, mbali ina n'kutsala m'malere. Pa tayala la manati asanu, muwerengeni mozungulira, kenako mumange woyamba, wachitatu, wachisanu, wachiwiri ndi wachinayi, ngati mukujambula nyenyezi. Akakhala anayi, mangani moyang'anizana. Yambani ndi zala kuti mazinga asapingasane, limbitsani pang'ono tayala lili m'mwamba, ndipo mumalizitse mutatsitsa jeke.

Nanga mphamvu yake ikhale yotani? Imayezedwa mu Nm, ndipo buku la galimoto limanena. Toyota Corolla imafuna 103 Nm. Tsopano taganizani za munthu wolemera makilogalamu 70 amene waponda kunsonga kwa sipanala yotalika masentimita 30: waika mphamvu yoposa pang'ono 200 Nm, kuwirikiza kawiri yofunikayo, asanadumphepo n'komwe. Akalumikiza paipi, bawuti imatamuka mopitirira malire, siibwereranso, ndipo tsiku lina imaduka. Ine zimandipweteka mtima ndikaona makaniko akumaliza ntchito ndi makina ampweya okha, osatenga sipanala yoyezera mphamvu, ija imalira kuti khe mlingo ukakwana. Pamazinga musapakepo oyilo kapena girizi, chifukwa mlingo wa m'buku ndi wa mazinga ouma. Akatelera, bawuti imakokedwa mopyola ngakhale sipanala ikusonyeza nambala yoyenera.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, imani muyesenso manati onse m'ndondomeko yanyenyezi ija. Ndipo mukamva kugogoda kumene kukufulumira pamodzi ndi liwiro, chiwongolero chikamanjenjemera, kapena mukaona timizere tadzimbiri tochokera panati, patukani pomwepo. Ngati mabowo a limu atalika ngati dzira, kumanganso sikuthandiza: limulo lisinthidwe, ndipo mabawuti aunikidwe.