Imvani Kaye Mawu Anu Musanalandire Mlendo Pagulu

Mwapatsidwa ntchito yodziwitsa anthu za mlendo wolemekezeka pa mwambo wa kusukulu. Mawu mwalemba kale. Tsopano ikani foni patebulo, imirirani monga mudzaimire tsikulo, ndipo mudzijambule mukuwerenga mokweza mpaka kumapeto, ngakhale mutaphonyetsa penapake.

Mukayamba kumvetsera, mawu anu amveka opyapyala ngati a munthu wina. Musadandaule. Polankhula timadzimva kudzeranso m'mafupa a m'mutu, pomwe foni imatola zodutsa mumpweya zokha.

Mvetserani koyamba pepala mutalitembenuza, ngati mlendo wokhala kumbuyo. Kachiwiri tengani cholembera, muike chizindikiro paliponse pomwe mpweya unakutherani. Nthawi zambiri vuto limakhala chiganizo chenichenicho. Taonani ichi: “Mlendo wathu wolemekezeka amene akhala akuphunzitsa m'sukulu zosiyanasiyana m'boma lino kwa zaka zambiri ndiponso anathandiza kumanga laibulale yathu ndi Mayi Uje.” Pofika pa dzinalo mpweya watha, mawu atsika, ndipo chinthu chomwe anthu amadikira chamezedwa. Chiduleni: “Mlendo wathu aphunzitsa m'boma lino zaka zambiri. Laibulale iyi anathandiza kumanga ndi iwowa.” Pumani pang'ono, kenaka tchulani dzina mokweza.

Liwiro lili ndi chizindikiro chake. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, monga “la” mu “laibulale”. Ngati kukokako sikukumveka, mukuthamanga. Jambulaninso gawo lokhalo, muyerekeze ndi loyamba.