Nambala ikakula, ruti wake amalowera kuti?

Ruti wachiwiri wa 9 ndi 3, chifukwa 3 × 3 ndi 9. Ruti wachitatu wa 8 ndi 2, chifukwa 2 × 2 × 2 ndi 8. Izi ambiri tinaziphunzira kusekondale. Koma pali funso lina lomwe limadabwitsa ngakhale anthu odziwa masamu akangolimva koyamba. Bwanji titatenga ruti wachiwiri wa 2, ruti wachitatu wa 3, ruti wachinayi wa 4, n'kumapita choncho osaima? Nambala yomwe tikuitengera ruti ikukula, koma rutiyonso akukulira limodzi. Mayankho ake azilowera kuti?

Mwachidule amalemba kuti n^(1/n), ndipo n akuimira 1, 2, 3 mpaka kutsogolo. Pa kakyuleta zimayamba chonchi. Pa n = 1 yankho ndi 1. Pa 2 ndi 1.414, pa 3 ndi 1.442. Munthu angaganize kuti zizingokwera, koma pa 4 zabwereranso pa 1.414, ndipo pa 5 zatsikira pa 1.380. Pa 10 timapeza 1.259, pa 100 timapeza 1.047, pa 1,000 timapeza 1.0069. Kuyambira pa 3 kupita m'tsogolo mayankho amangotsika, kuyandikira 1 koma osafikapo. Nambala yomwe mndandanda ukuyandikira motere ndiyo akatswiri amaitcha limiti.

Kakyuleta yationetsa komwe zikulowera, koma sinatiuze chifukwa chake. Chifukwa chomwe ophunzira ambiri amapereka n'chakuti 1/n akucheperachepera kuyandikira 0, ndipo nambala iliyonse ikakwezedwa ku pawa 0 imakhala 1, choncho yankho ndi 1. Yankholo n'lolondola, koma njirayo ndi yolakwika, ndipo ndimaona kuti mphunzitsi sayenera kuichonga. Yayang'ana pawa yokha n'kuiwala kuti nambala ya pansi nayo sinaime, ikukula mopanda malire. Zili ngati magulu awiri akukokana chingwe: n akukokera yankho kumwamba, 1/n akulikokera ku 1. Kuti tidziwe wopambana tiyenera kuyeza mphamvu za onse awiri.

Choyezera chake ndi logarizimu. John Napier wa ku Scotland anaifalitsa mu 1614 kuti achepetse ntchito yowerengera, popeza imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, ndipo kutenga ruti imakusandutsa kugawa. Mbali yachiwiriyi ndi imene tikufuna. Pa kakyuleta pali batani lolembedwa ln, lomwe limayankha funso lakuti: nambala e, yomwe ndi pafupifupi 2.718, tiikweze ku pawa yanji kuti tipeze nambala yathu? Lamulo lake likuti

ln(n^(1/n)) = (ln n)/n

Tsopano kukokana kuja kwasanduka kugawa wamba, ln n pamwamba, n pansi. Tiyese ndi 1,000. Logarizimu yake ndi 6.908. Tikagawa ndi 1,000 tipeza 0.0069. Kuti tibwerere ku funso lathu timakweza e ku pawa imeneyi, ndipo e^0.0069 ndi 1.0069, monga tinapezera poyamba. Pa 1,000,000 logarizimu ndi 13.816 basi. Nambala ya pansi yakula ka 1,000, ya pamwamba yangowirikiza kawiri. Kugawa kukupereka 0.0000138, ndipo ruti wake ndi 1.0000138.

Logarizimu imakuladi, ndipo sisiya kukula, koma imakula mochedwa kwambiri. Nthawi iliyonse n akawirikiza kawiri, ln n amangoonjezera 0.693. Wofuna umboni wokwanira angaupeze m'masitepe ochepa. Logarizimu ya nambala iliyonse ndi yocheperapo kuposa nambalayo, choncho ln √n ndi yochepa kuposa √n. Koma ln n ndi 2 × ln √n, ndiye kuti ln n ndi yochepa kuposa 2√n. Tikagawa mbali zonse ndi n tipeza kuti (ln n)/n ndi yochepa kuposa 2/√n, ndipo 2/√n amayandikira 0 pamene n akukula. Popeza (ln n)/n satsika pansi pa 0, wapanikizika pakati, alibe kolowera kwina koma ku 0. Pawa ikayandikira 0, e wokwezedwa ku pawayo amayandikira e^0, yemwe ndi 1. Tafika pa yankho lomwe lija, koma ulendo uno taona chifukwa chake: n wa pansi waposa logarizimu yake.

Mwina wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwachiyani ngati njira yachidule ija inatifikitsa pomwepo. Tiyeni tiiyese pa mndandanda wina. Fakitoriyo, yolembedwa n!, ndi kuchulukitsa nambala zonse kuyambira 1 mpaka n. Motero 4! ndi 1 × 2 × 3 × 4, zomwe ndi 24. Titenge (n!)^(1/n). Pawa ndi yomwe ija, 1/n, ikuyandikirabe 0, ndiye njira yachidule ikanati yankho ndi 1. Koma 10! ndi 3,628,800, logarizimu yake ndi 15.104, kugawa ndi 10 kukupereka 1.5104, ndipo e^1.5104 ndi pafupifupi 4.53. Pa n = 100 yankho lafika pafupifupi 38. Silikuyandikira 1, likungokwera.

Logarizimu ikuonetsanso chifukwa chake. Popeza imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, ln(n!) ndi ln 1 + ln 2 + ln 3 mpaka ln n, ndipo kugawa ndi n ndi kupeza avereji ya malogarizimu onsewa. Pafupifupi theka la nambala zimenezi ndi zoposa n/2, choncho avereji singachepere kwambiri kuposa theka la ln(n/2), yomwe ikukula mosalekeza. Apa nambala ya pansi ndiyo yapambana. Nthawi zina sipakhala wogonja: (2^n)^(1/n) ndi 2 nthawi zonse, chifukwa logarizimu yake ndi n × ln 2, ndipo n akafafanizika pogawa pamatsala ln 2. Koma (n^2)^(1/n), ngakhale n^2 amaoneka wamkulu, amabwerera ku 1, pakuti logarizimu yake ndi 2 × (ln n)/n, ndipo kuwirikiza kawiri chinthu chopita ku 0 sikusintha komwe chikupita.

Mindandanda inayiyi pawa yake ndi imodzi, koma iwiri yathera pa 1, umodzi pa 2, wina ulibe pothera. N'chifukwa chake kuyang'ana pawa yokha sikungatiuze kanthu.

Amene akufuna kuyesa yekha pa kakyuleta asamale zinthu ziwiri. Choyamba ndi mabulaketi. Mukalemba 1000^1/1000 kakyuleta iyamba ndi pawa, kenako igawa, n'kukupatsani 1 ndendende. Yankho limeneli limanyenga chifukwa likufanana ndi limiti yomwe mukuiyembekezera. Cholondola ndi 1000^(1/1000), ndipo yankho liyenera kupitirira 1 pang'ono. Chachiwiri ndi kusakaniza mabatani a log ndi ln. Onse amagwira ntchito, koma pobwerera muyenera kudzera njira yomwe munalowera. Batani la log limatengera pa 10, choncho log 1000 ndi 3, kugawa ndi 1,000 ndi 0.003, ndipo 10^0.003 ndi 1.0069. Mukalowa ndi log n'kubwerera ndi e mupeza 1.003, ndipo kusiyana kwa 1.003 ndi 1.0069 ndiko kukuuzeni kuti mabatani asakanikirana.